Buku la maminitsi likafika pamaso pa ofufuza za chuma ndi akhoti

Lero sindinabwere ndi nkhani ya mbewu. Ndabwera ndi nkhani ya kabuku kamene a mlembi a komiti amakhala nako m'chikwama, ka maminitsi. Ambiri timakaona ngati kongokumbutsa zomwe tinakambirana. Koma tsiku limene ndalama zavuta, ofufuza za chuma ochokera ku khonsolo ya Zomba, kapena ku ofesi ya mkulu wofufuza za chuma cha boma, amaitanitsa kabuku komweko. Nkhani ikakula n'kufika kwa majisitireti ku Zomba, kabukuko kamasanduka umboni.

Tiyerekeze kuti komiti yathu yalandira ndalama zokonzera ngalande ya mthirira. Mwakumana pa 4 Juni, mwakambirana, ndipo a mlembi alemba kuti: "Tinakambirana za simenti ya ngalande ndipo onse anagwirizana." Patatha sabata, a msungichuma ndi a wapampando asaina cheke cha K850,000. Agula matumba 20 a simenti pa K30,000 thumba limodzi, zomwe ndi K600,000. Zotsala K250,000 alipira mwini ngolo ndi mmisiri. Palibe waba. Ngalande yakonzedwa, madzi akuyenda.

Tsopano wofufuza wafika. Iyeyu sanali pamsonkhano wanu, ndipo sadziwa kuti a msungichuma ndi munthu wokhulupirika. Amayambira pa pepala la ku banki loonetsa kuti K850,000 inatuluka, n'kumabwerera m'mbuyo. Afuna vocha yolipirira, afuna malisiti, afuna makotesheni oonetsa kuti munafunsa mitengo m'masitolo angapo, kenaka afunsa kuti: ndani analoleza ndalama zimenezi? Mukamutsegulira tsamba la pa 4 Juni, awerenga kuti onse anagwirizana. Anagwirizana chiyani? Matumba angati? Ndalama zingati? Mmisiri ndi ngolo sizikutchulidwa n'komwe. Iye alemba kuti ndalamazo zinatuluka popanda chilolezo chooneka, ndipo funso ligwera anthu awiri amene anasaina cheke. Enanu amene munawomba m'manja tsiku lija simuoneka paliponse.

A mlembi akanalemba chonchi, nkhani ikanatha msanga: "Komiti inavomereza kugula matumba 20 a simenti pa ndalama zosapitirira K600,000, kulipira mmisiri K180,000 ndi ngolo K70,000. Inatuma a msungichuma ndi a wapampando kutapa K850,000 ku banki, ndipo abweretse malisiti pamsonkhano wotsatira. Ovomereza 7, wokana 1." Mwaona kuti mawu akuchita ntchito apa ndi "inavomereza" ndi "inatuma". Kukambirana si kuloleza. Mukhoza kukambirana za simenti tsiku lonse, koma ngati sipanalembedwe chomwe munamanga, buku silikuthandizani.

Amayi uko afunsa ngati khoti limangokhulupirira chilichonse cholembedwa. Ayi, mayi. Maminitsi amene anawerengedwa pamsonkhano wotsatira, anthu n'kuvomereza kuti ndi zoona, a wapampando n'kusaina, khoti limawatenga ngati poyambira: limaganiza kuti zinayendadi choncho, mpaka wina abweretse umboni wotsutsa. Ndiye wotsutsayo ndi amene amakhala ndi ntchito. Akhoza kubwera ndi mboni zonena kuti msonkhano sunachitike. Akhoza kuonetsa kuti munthu wolembedwa kuti analipo, tsiku limenelo anali atagonekedwa kuchipatala chachikulu cha Zomba. Zikatero tsamba limenelo lagwa, ndipo masamba enanso ayamba kukayikiridwa. N'chifukwa chake ndimakakamira kuti aliyense wobwera pamsonkhano asaine yekha, kapena adinde chala, osati a mlembi kulemba mayina onse ndi dzanja limodzi.

Mndandanda wa obwerawo uli ndi ntchito inanso. Malamulo a gulu lanu amanena chiwerengero cha anthu oyenera kukhalapo kuti msonkhano umange mfundo. Ngati amati asanu ndi mmodzi, inu n'kukumana anayi, maminitsi anu, ngakhale olembedwa bwino chotani, akungochitira umboni kuti mfundoyo inamangidwa ndi anthu osakwanira. Chimodzimodzinso komiti ikavomereza chinthu chomwe ilibe mphamvu pa icho. Ndalama zikabwera za ngalande, inu n'kulemba kuti mwagwirizana kubwereketsako a wapampando, bukulo silikupulumutsani. Likuonetsa poyera amene anapatutsa ndalamazo, mayina ndi tsiku lomwe.

Apa ndi pamene wokana mmodzi uja amapindula. Ngati simukugwirizana ndi mfundo yokhudza ndalama, nenani kuti a mlembi alembe dzina lanu kuti mwakana. Si mwano umenewo. Ndipo ngati mmisiri amene akufuna kumupatsa ntchito ndi mlamu wanu, ululani, tulukani panja pomwe anzanu akusankha, ndipo zilembedwe kuti munatuluka.

Tsopano tikambe za choopsa kwambiri, chimene chimagwetsa ngakhale anthu osalakwa. Uthenga ukamveka kuti ofufuza akubwera, ena amakhala pansi usiku n'kulemba maminitsi a msonkhano umene sunachitike, n'kuikapo deti lakale. Chonde musayese. Ofufuza amaona ngati deti la maminitsi likubwera cheke chisanasainidwe, komanso amaona zina: miyezi inayi yolembedwa ndi cholembera chimodzi ndi dzanja losasintha, tsamba lomatidwa pakati, msonkhano wa mwezi wotsatira wosatchula n'komwe za msonkhano umenewo. Akawafunsa mamembala mmodzimmodzi kuti munakumana kuti, wina ati kusukulu, wina ati kwa a mfumu. Poyamba mlandu unali wosasunga bwino mabuku, womwe mukanatha kuufotokoza. Tsopano wasanduka wopeka chikalata chabodza, umene ndi mlandu wa kupolisi. Ngati ndalama zinatuluka mwadzidzidzi musanakumane, itanani msonkhano lero, lembani deti la lero, fotokozani zomwe zinachitika, ndipo komiti inene ngati ikuvomereza zimene zinachitikazo kapena ayi. Wofufuza adzadandaulabe kuti chilolezo chinabwera mochedwa, koma adzaona kuti simunabise.

Za kufufuta nazo. Tonse tikukumbuka kuti pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo imodzi mwa nkhani zazikulu inali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi tipeksi. Mapepala aja sanali maminitsi, koma diso la khoti pa pepala lofufutidwa ndi lomwelo. Mukalakwitsa nambala, dulani ndi mzere umodzi kuti yakaleyo iziwerengekabe, lembani yolondola pamwamba, a wapampando ndi a mlembi asaine pambali. Gwiritsani ntchito buku lachikuto cholimba, masamba ake muwalembe manambala kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ndipo musang'ambemo tsamba ngakhale lokulungira mchere.

Pomaliza dziwani malire ake. Maminitsi amaonetsa kuti munaloleza kugula matumba 20. Saonetsa kuti matumbawo anafika. Zimenezo zimafuna lisiti, buku lolandirira katundu losainidwa ndi munthu wina osati wogulayo, ndiponso ngalande yeniyeniyo, chifukwa ofufuza ena amapita kukaiona ndi maso.

A mlembi, tabweretsani buku lanu kuno kutsogolo. Titsegule msonkhano womaliza umene munakambirana za ndalama, tiwerenge mokweza tonse, tione ngati mlendo angadziwe kuchokera pa tsambalo kuti munavomereza zingati ndipo munatuma yani.