Timalemba Tating'ono ta pa Chaja ya Foni

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'midzi

Masiku ano mphunzitsi wa kumudzi alandira mauthenga a akulu a maphunziro pa foni, ndipo foniyo ikafa sangagule ina msanga. Koma chaja yace ikataika, iye angobwereka iri yonse imene ilowa pa kabowo, osawerenga timalemba tating'ono tolembedwa pa chajayo. Kawirikawiri timalembato tioneka motere:

```
INPUT: 100-240V~ 50/60Hz 0.3A
OUTPUT: 5V 2A
```

Mzere woyamba unena za magetsi olowa m'chaja. Magetsi a m'nyumba muno m'Zambia ndi a mavolti 230, ndipo 230 iri pakati pa 100 ndi 240. Cotero mzere umenewu suvuta. Mzere waciwiri unena za magetsi oturuka kupita ku foni, ndipo ndiwo woyenera kuuyang'anitsitsa.

Cilembo V ciimira mavolti, ndiyo mphamvu yokankha magetsi, monga umo madzi a m'thanki yokwezeka akankhira m'mpope. Cilembo A ciimira maampu, ndiko kuculuka kwa magetsi oyenda m'nthambo. Ziwirizi sizifanana m'macitidwe ace. Mavolti chaja icita kukakamiza pa foni, koma maampu foni idzitengera yokha monga mwa kusowa kwace. Cifukwa cace chaja ya 2A siingaononge foni yofuna 1A yokha, monganso citsime cacikuru sicing'amba ndowa yaing'ono. Ambiri aopa maampu oculuka, pamene coopsa ceniceni ndico mavolti opambana muyeso.

Ngozi imeneyi ipezeka makamaka kumene kulibe magetsi a m'nyumba. Batire ya sola kapena ya galimoto iri ndi mavolti 12, koma foni iyembekeza 5. Munthu akadula nthambo ya chaja, nalumikiza mawaya ace ku batire yotere, foni ingathe kupsa mkati nthawi yomweyo. Pakati pace payenera kukhala kachaja ka m'galimoto, kolembedwa `INPUT: 12-24V` ndi `OUTPUT: 5V`, kamene katsitsa mavolti.

Mawati ndiwo asonyeza liwiro la kudzaza, ndipo samu yace mwana wa sukulu angaithe: mavolti kuculukitsa ndi maampu. Chaja ya 5V 2A ipatsa mawati 10. Ya 5V 1A ipatsa mawati 5 okha.

Pali mafoni ambiri okhala ndi batire yolembedwa `5000mAh`. Ndiko kuti maampu 5 kwa ora limodzi. Ndipo popeza batire ya foni iri ndi mavolti ngati 3.8, kuculukitsa 5 ndi 3.8 kupatsa 19. Batireyo isunga mphamvu yolingana ndi mawati 19 kwa ora limodzi. Pogawa 19 ndi mawati 10 yankho liyandikira maora awiri. Pogawa ndi mawati 5 liyandikira maora anai. Koma zoona zace nthawi ipitirirapo ndithu, pakuti mphamvu yina itaika m'kutentha, ndiponso foni icepetsa dala liwiro pamene batire iri pafupi kudzala. Mphunzitsi amene sola yace igwira nchito bwino maora owerengeka a masana okha aona yekha kusiyana kwa machaja awiriwa.

Machaja ena atsopano ali ndi mizere ingapo, monga `5V 3A` ndi `9V 2A`, ndipo munthu poona 9 angacite mantha. Chaja yotere iyamba ndi mavolti 5, ndipo ikwera kufika pa 9 pokhapo foni itapempha kudzera m'nthambo. Pamenepo ipatsa mawati 18. Foni yosadziwa kupempha ingolandira mavolti 5, ndipo ngati inapangidwa kulandira mawati 10, siidzadzala msanga ngakhale chajayo ikhale ya mtengo wotani. Ndalama zogulira chaja yaikuru pa foni yotere zingopita pacabe.

Tsono timalembato nthawi zina tinama. Pa misika pali machaja onyenga olembedwa 2A amene satha kupereka ngakhale 1A. Chaja yotere kawirikawiri ikhala yopepuka m'dzanja, itentha kwambiri kapena kulira ngati udzudzu, ndipo poigwiritsa nchito galasi la foni liyamba kudumphadumpha ngati likhudzidwa ndi munthu wosaoneka. Imeneyo iyenera kucotsedwa ku magetsi msanga, pakuti ingagwidwe moto kapena kugwedeza mwini wace. Koma ngati chaja iri yozizira bwino, foni nkumadzala mocedwa, mlandu ungakhale wa nthambo yoonda kapena yothyoka mkati, kapena wa fumbi lotsekera m'kabowo ka foni. Njira yodziwira ndiyo kubwereka nthambo yina yaifupi ndi yonenepa, kusiya chaja yomweyo, ndi kuwerenga maperesenti amene batire yakwera m'theka la ora ndi nthambo iri yonse.