Kubwereka Deta ya Lamya pa Laputopu

Omvera a ku Kafue ndi a m'migodi amadandaula kuti bandulo imene ikhalitsa pa lamya imatha tsiku limodzi akangoigawirako laputopu. Nkhani ya lero ifotokoza chifukwa chake.

Kugawa kumeneku kumatchedwa tethalingi. Lamya imalandira deta kuchokera pa nsanja, ndi kuipereka kwa laputopu kudzera pa nthambo kapena pa mphepo. Njira ya pa mphepoyo ndiyo hotisipoti. Laputopu ilibe nkhokwe yakeyake: zonse zimene idya zimatapidwa m'bandulo ya lamya.

Komatu mabandulo sali amodzimodzi. Ina ndi ya ntchito iliyonse, ina ndi ya zinthu zowerengeka, monga WhatsApp, ndipo yotereyi siilipira zina zimene laputopu ichita. Ku Amereka makampani ambiri amapatula muyeso wa hotisipoti pawokha, ndipo ukakwana amachepetsa liwiro, ngakhale lamya ikhale ikuthamangabe. Chotero wogula kwa MTN, Airtel kapena Zamtel ayambe wawerenga malamulo a bandulo yake asanatulutse ndalama.

Vuto lalikulu lili pa laputopu. Lamya imadziwa kuti deta yake ndi yogula, choncho imasinira. Koma laputopu ikaona hotisipoti, kawirikawiri imayesa kuti yapeza mtsinje wosaphwa ngati Kafue, nimayamba ntchito zimene mwini sanaitume.

Mwachitsanzo, mnyamata wogwira ntchito pa fakitale ya feteleza ku Kafue agula magigabaiti 2, ndiwo mamegabaiti ngati 2,000, kuti atumize makalata ofunsira maphunziro, tsiku lotsekera lili mawa. Atangolumikiza, Windows iyamba mwakachetechete kutenga zodzikonzera, nimeza 900. Zithunzi zake zikwera kosungira pa intaneti, zidya 500. Iye aonerako kanema pang'ono, 500 enanso apita. Atsala 100 okha, makalata asanatumizidwe. Palibe amene wamubera. Mlendo wadya zambiri koposa mwini nyumba.

Mankhwala ake ndi kuuza laputopu kuti deta imeneyi ndi yoyezedwa. Pa Windows 11, atalumikiza, munthu atsate njira iyi, asankhe dzina la hotisipoti yake, ndi kutsegula Metered connection:

```
Settings > Network & internet > Wi-Fi
```

Pamenepo Windows imaimika zodzikonzera zambiri, kupatula zofunikitsitsa, koma kanema amadyabe monga kale. Wofuna kudziwa chimene chatha deta yake ayang'ane pa Data usage, pamene pamalembedwa zimene pulogalamu iliyonse yadya. Aikenso mawu achinsinsi olimba pa hotisipoti, pakuti deta imene woyandikana naye agwiritsa ntchito imatuluka m'bandulo yomweyo. Ntchito yofunika itsogole, kanema adze pambuyo, ndipo akamaliza atseke hotisipotiyo.