Mphatso ya Mnzako Imayambira pa Kumvetsera

Ana anga, za ulemu ndi za kuchipinda alangizi akuuzani kale usiku wathawu. Ine ndatola kankhani kamodzi kooneka kakang'ono, ka mphatso zimene muzidzapatsana awiriwiri perekaniperekani wa leroyu akadzaiwalika.

Ndinakhalapo nkhoswe wa banja lina. Mwamuna ankagwira ntchito ku Joni, mkazi anatsala kuno akusoka pakhonde, telala wodziwa ntchito yake. Makina ake anali opalasa ndi mapazi aja. Lamba wake anali ataduka kangapo, ankangolumikiza ndi kawaya, ndipo sizasi inali itabuntha moti podula chitenje inkachita kutafuna nsalu. Akamayankhulana pafoni, mayiyo sankalephera kudandaula za zimenezi. Pobwera pa Khirisimasi, bamboyo anatulutsa nsapato za gogoda zodula kwambiri, sayizi 5, chonsecho phazi la mkazi wake ndi la 7. Ngakhale zikanamukwana, akanaziponda kuti? Njira ya kwawo yopita kutchalitchi ndi ya mchenga ndi matope.

Mayiyo anagwada, nalandira ndi manja awiri, nathokoza monga mwa mwambo. Nsapato zinalowa m'sutikesi, pambuyo pake zinapezeka kuphazi kwa mlamu wake. Mlandu unafika kwa ine: bambo akuti mkazi wanga ngosayamika, mayi akuti mwamuna wanga samva zimene ndimanena. Titawerengera limodzi, tinapeza kuti ndalama ya nsapatozo ikanagula lamba watsopano, sizasi yeniyeni ya atelala, masingano ndi mafuta a makina, chenji n'kutsala. Ndinaweruza kuti wolakwa ndi bambo, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo. Mkazi wake anali atamuuza kale chogula, iye n'kupita kukafunsa wogulitsa nsapato.

Ndiye inu bambo, tcherani khutu. Munthu sanena kuti ndigulire chakuti, makamaka akazi athu amene tinawalera kuti asamapemphe. Amanena m'njira zina. Onani chimene amabwereka kawirikawiri kwa anzake. Onani chimene amachigwiragwira mumsika, kufunsa mtengo, n'kuchibwezera pansi. Ngati buku lake la Nyimbo za Mulungu lathothoka masamba koma iye salephera kukwaya, mphatso mwaipeza kale.

Koma apa musandimve molakwa. Sizasi ikanakhala mphatso kwa mayi uja chifukwa kusoka kunali kumtima kwake. Mphika, mbaula ndi tsache ndi katundu wa m'nyumba, mudzagula ndithu chifukwa nanunso mumadya nsima. Musadzakulunge poto m'pepala lowala pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, n'kumayembekeza nthungululu.

Inu mayi, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Mwamuna wanuyu ngati Loweruka lililonse khutu lili pawayilesi kumvera mpira, dziwani timu yake musanapite kukagula jezi. Bullets imavala zofiira, Wanderers zabuluu. Mukamubweretsera wa Manoma malaya ofiira, ngakhale akhale odula bwanji, adzawavala pogona basi. Ngati ndi wa bawo, m'pezereni mmisiri amusemere lake la mtengo wolimba, maenje 32 aja akhale osalala, ndi nkhomo zake 64 zokwanira. Adzakutchulani pansi pa mtengo paliponse pamene amuna akutakata. Suti yodula imene adzavale pa ukwati wa mnzake kamodzi pachaka siingamufike pamtima chomwecho.

Pali zinthu zina zimene mwini wake yekha ndiye amazidziwa: maluwa a chitenje, fungo la mafuta odzola, sayizi ya nsapato. Pamenepo musalote. Safunsa anadya phula. Funsani mchemwali wake kapena mnzake wapamtima, mukalephera mutengeni mwini wakeyo mupite naye, asankhe yekha inu mulipire. Kudzidzimutsana n'kokoma, koma kumatha tsiku lomwelo, pamene chinthucho adzakhala nacho zaka.

Mudzadziwa bwanji kuti mwaphonya? Musadalire zikomo wa pakamwa, ameneyo amanenedwa ndi aliyense woleredwa bwino. Dikirani mwezi. Mphatso yolasa imatha msanga, imada, imachapidwa, imaoneka m'manja. Yophonya imakhala yatsopano mpaka kalekale, ndipo imavalidwa tsiku lokhalo limene mwafunsa kuti kodi chija chili kuti. Mukaona choncho musakwiye, funsani modekha kuti akanakonda chiyani. Wofunsidwayo nayenso anene zoona mwaulemu, kusiyana n'kukapereka chinthucho kwa abale mobisa.

Ndipo ya katapila isagule mphatso m'nyumba mwanu. Chiwongoladzanja chake mudzabweza nonse awiri, kuchokera pa ndalama ya ndiwo ndi ya feteleza.

Ndalekeza pomwepa, ankhoswe a kuchikazi nawo ali ndi mawu awo.