MAI ATACIRA: ANGAYAMBE LITI KUTHAMANGA?

Lero ndifuna kukamba za mai amene wacira, watuluka m'cikuta, ndipo afuna kubwerera ku mpira wa manja kapena ku nchito zolemetsa. Funso lace ndi ili: ndiyambe liti?

Poyamba tidziwe mmene thupi linapangidwira. Pansi pa ciuno pali minofu yoyalidwa ngati nguwo yoberekera mwana. Minofu imeneyi inyamula cikhodzodzo, cibaliro ndi matumbo, ndiponso ndiyo itseka njira ya mkodzo ndi ya cimbudzi. Pa miyezi 9 ya pakati isenza katundu usana ndi usiku, ndipo pakubala itanuka kwambiri, mwina kung'ambika kumene. Ngakhale mai wocira ndi opaleshoni minofu yace ikhala yotopa, pakuti nayenso anasenza mwanayo.

Nchito yoyamba iyambika pa mphasa, masiku oyamba omwe, ngati ululu suletsa. Gonani cammbali, finyani minofuyo monga mucita poletsa mpweya woipa ndi mkodzo, ndi kuikokera m'kati. Werengani kufikira 3, masulani, pumulani. Citani cotero kakhumi, katatu pa tsiku, ndipo pakupita kwa masabata muonjeze kufikira muwerenga 10. Musaumire mpweya, musafinye matako kapena ncafu, ndipo musazolowere kuyesa zimenezi pokodza. Dotolo wa ku Amereka, Arnold Kegel, analemba za njira imeneyi mu 1948. Kuyenda pang'ono pabwalo nakonso ndi kwabwino. Muonjeze mtunda pang'ono-pang'ono.

Pakutha masabata 6 mupita ku kiliniki kukapimidwa, nthawi yomwe mwana alandira katemera. Ambiri ayesa kuti tsiku limenelo thupi lacira lonse. Iai, si tero. Mu 2019 akatswiri atatu a zolimbitsa thupi a ku Britain analangiza kuti kuthamanga ndi kulumpha kudikire kufikira masabata 12, ndiye miyezi itatu. Ngakhale pamenepo mai ayambe wadziyesa.

Tiyerekeze mai wina wa ku Chifubu, wosewera mpira wa manja, amene wakwanitsa miyezi itatu. Ayende mofulumira mphindi 30. Aimirire mwendo umodzi nawerenge kufikira 10. Athamange pamalo amodzi mphindi imodzi, ndipo alumphe ndi mwendo umodzi kakhumi, uku ndi uku. Tinene kuti poyenda zonse zinali bwino, koma polumpha kacisanu mkodzo wadontha. Mai ameneyo sanafike pothamanga. Abwerere ku kuyenda, alimbikire kufinya minofu, ndipo akauze anamwino. Akapambana mayeso onse, ayambe ndi kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda ziwiri, napumule tsiku lotsatira.

Musaiwale kuti nchito ya pakhomo ilemera koposa masewera ena. Cigubu ca madzi ca malita 20 cilemera makilogalamu 20, kuposa makanda asanu obadwa kumene. Mai amene acisenza sabata yaciwiri, mwana ali kumbuyo, apsinja minofu yosapola. Inu abambo ndi apongozi, landirani cigubuco pa masabata 6 oyamba. Wocira ndi opaleshoni asanyamule kanthu kolemera koposa mwana wace kufikira atapimidwa.

Tsono zizindikiro zofunika kuyang'anira ndi izi. Coyamba, mkodzo kudontha potsokomola, poyetsemula kapena poseka. Masabata oyamba zicitika kwa ambiri, koma zikapitirira miyezi itatu zifuna cithandizo. Kawiri-kawiri mankhwala ace ndiwo kufinya minofu miyezi itatu moyang'aniridwa ndi wodziwa. Caciwiri, kumva kulemera kapena kukoka kunsi, makamaka madzulo, kapena kukhudza cotupa pa njira yotulukira mwana. Apo cibaliro kapena cikhodzodzo cingakhale catsika. Lekani kunyamula zolemera, mukapimidwe. Cacitatu, kulephera kusunga mpweya kapena cimbudzi. Ici musacidikire konse, pakuti mwina mnofu wotseka unang'ambika pakubala. Mkodzo wotuluka kosalekeza, ngakhale muli gone, ndi nthenda yina, ya fisitula: kufinya sikuiciza, koma opaleshoni.

Mwazi nawonso ulankhula. Ngati unayamba kucepa ndi kutuwa, koma mutagwira nchito wabweranso wofiira, mwapyola muyeso, pumulani. Koma ukanyowetsa thewera m'ora limodzi, kapena pali malungo ndi fungo loipa, kapena mwendo umodzi watupa nupweteka, pitani ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Azimai ambiri abisa zimenezi cifukwa ca manyazi, nati ndiwo malipiro a ubereki. Koma anamwino a ku kiliniki angakutumizeni ku cipatala cacikuru ca Kitwe kapena ca Ndola, kumene kuli madotolo a matenda a azimai. Pa tsiku la masabata 6, asanakufunseni, nenani nokha zimene mwaona. Tsalani bwino nonse.