AVEREJI: KUWONKHETSA KUYAMBE, KUGAWA KUTSATIRE

Nkhani yathu lero ndi ya masamu, ndipo ndikupempha kuti amene ali ndi pensulo ndi kapepala pafupi azitenge, popeza nambala zongomva ndi makutu sizichedwa kuthawa m'mutu.

Mau oti avereji timawamva kawirikawiri. Aphunzitsi amawatchula pofotokoza malikisi a ana, alangizi a zaulimi pofotokoza zokolola, ndipo a zanyengo amawatchula akamanena za mvula. Avereji ndi nambala imodzi imene imaimira gulu lonse la nambala. Imayankha funso ili: tikadasonkhanitsa zonse pamodzi ndi kuzigawa mofanana, aliyense akadalandira zingati? Mvetsani dongosolo la mau amenewa. Kusonkhanitsa ndiko kumayamba, kugawa kumadza pambuyo.

Tiyerekeze kalabu ya alimi asanu ndi mmodzi. Aliyense analima ekala imodzi ya chimanga, ndipo atakolola ndi kutonola, mlembi wa kalabuyo analemba matumba a makilogalamu 50 amene aliyense anapeza. Lembani: 14, 17, 12, 20, 15, 18.

Tiwonkhetse pang'onopang'ono. 14 kuphatikiza 17 ndi 31. Kuphatikiza 12 ndi 43. Kuphatikiza 20 ndi 63. Kuphatikiza 15 ndi 78. Kuphatikiza 18 ndi 96. Matumba onse pamodzi ndi 96. Tsopano tiwerenge alimi: alipo 6. Tikagawa 96 ndi 6 tipeza 16. Avereji ya kalabuyi ndi matumba 16 pa ekala.

Onani kuti palibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene anakolola matumba 16. Zimenezi zisakudabwitseni. Yerekezani kuti matumba onse 96 aunjikidwa pabwalo, ndipo tcheyamani akugawa mofanana. Wa matumba 20 asiya anayi, wa 18 asiya awiri, wa 17 asiya limodzi: onse pamodzi asiya asanu ndi awiri. Wa matumba 12 alandira anayi, wa 14 alandira awiri, wa 15 alandira limodzi: onse pamodzi alandira asanu ndi awiri omwewo. Otsala kwa amene anali pamwamba akwanira ndendende amene anali pansi. Avereji yolondola imatero nthawi zonse, ndipo iyi ndi njira imodzi yoyesera ngati mwagawa bwino.

Wina afunsa: kodi n'chifukwa chiyani tikuumirira kuti kuwonkhetsa kuyambe? Yankho limaoneka bwino pamene magulu awiri akumana. Tinene kuti kalabu ya mudzi woyandikana ili ndi alimi 24, ndipo avereji yawo ndi matumba 11. Mlangizi akufuna avereji ya makalabu awiriwa pamodzi. Munthu wofulumira aphatikiza 16 ndi 11, apeza 27, agawa pawiri, nanena kuti ndi matumba 13 ndi theka. Walakwa. Waiwala kuti 16 ija ikuimira anthu 6 okha, pamene 11 ikuimira anthu 24. Njira yake ndi kubwerera pa mulu wa matumba. Kalabu yoyamba ili ndi 96. Yachiwiri ili ndi 24 kuchulukitsa ndi 11, ndiwo 264. Onse pamodzi ndi matumba 360, ndipo alimi onse ndi 30. Tikagawa 360 ndi 30 tipeza 12. Avereji yatsamira ku gulu lalikulu, monga kuyenera kukhalira. Ndiye chifukwa chake mlembi wabwino salemba avereji yokha m'buku. Amalembanso chiwerengero cha zinthu zonse pamodzi ndi cha anthu amene anagawira, kuti wina wodza pambuyo akhale ndi poyambira.

Tsopano tibwerere ku kalabu yathu ya anthu asanu ndi mmodzi, tione zimene zimachitika nambala imodzi ikalembedwa molakwika. Mlembi akukopera nambala kuchokera pa kapepala kupita m'buku lalikulu, mwina madzulo, nyali ili yozima-zima. Pofika pa 17 dzanja latsogoza 7, ndipo m'buku mwalowa 71. Nambala zina zonse zili bwino. Akawonkhetsa apeza 150 m'malo mwa 96. Akagawa ndi 6 apeza 25. Masamu ake onse ndi olondola, kuwonkhetsa kolondola, kugawa kolondola, koma yankho ndi labodza.

Avereji yachoka pa 16 kufika pa 25, yakwera ndi 9. Nanga 9 ameneyu wachokera kuti? Pakati pa 71 ndi 17 pali kusiyana kwa 54. Matumba 54 amenewa kulibe, palibe amene anawalima, koma alowa pa mulu uja. Ndipo popeza mulu umagawidwa mofanana, matumba opekawo nawonso agawidwa kwa anthu onse asanu ndi mmodzi: 54 kugawa ndi 6 ndi 9. Lamulo lake ndi lomweli nthawi zonse. Avereji imasuntha ndi kukula kwa cholakwacho, kugawa ndi chiwerengero cha nambala zimene zili pa mndandanda. Nambala iliyonse imalowa yathunthu powonkhetsa, ndipo kuwonkhetsa sikufunsa ngati nambalayo ili yomveka kapena ayi.

Si nkhani ya m'buku chabe. Kalabu imene ikukhulupirira kuti aliyense amakolola matumba 25 ingathe kutenga ngongole ya feteleza yolingana ndi matumba 25, kapena kulonjeza wogula chimanga chimene sichili m'nkhokwe. Tsiku lobweza likadzafika, ngongoleyo idzalipidwa kuchokera pa matumba 96, osati 150.

Lamulo lomweli likutiuzanso kanthu kena. Alimi akadakhala 60, avereji yawo yeniyeni ili 16 yomweyo, 54 uja akadagawidwa ndi 60, ndipo avereji ikadasuntha ndi 0.9 yokha, kuchoka pa 16 kufika pa 16.9, osakwana ndi thumba limodzi lomwe. Ena amati pamenepa ndiye kuti mndandanda wautali ulibe vuto. Ine sindivomereza kwenikweni. Zoona, avereji yavulala pang'ono. Koma matumba 54 opeka aja akadali m'buku, ndiwo makilogalamu 2,700, ndipo tsopano palibe chimene chikuwaulula. Pa mndandanda waufupi cholakwa chimafuula. Pa wautali chimabisala, ndipo amene adzachipeze ndi wosunga nyumba ya katundu, tsiku limene adzawerenge matumba n'kupeza kuti ndi operewera.

Kodi tingachizindikire bwanji? Choyamba ndi kuyang'ana mndandanda musanawonkhetse, ndi kuganizira kumene yankho liyenera kugwera. Nambala zambiri zikakhala pakati pa 12 ndi 20, avereji ya 25 iyenera kukuimitsani. Kusukulu tinaphunzira kuti avereji siingachepere nambala yaing'ono kwambiri kapena kupitirira yaikulu kwambiri. Nzoona, koma pano muyeso umenewu sutithandiza, chifukwa 25 ali pakati pa 12 ndi 71. Chimene chikuthandiza ndi kuwerenga: alimi asanu ali pansi pa avereji, mmodzi yekha ali pamwamba, ndipo ali kutali. Mukaona zotere, dziwani kuti nambala imodzi ikukoka zinzake zonse. Ifunseni. Matumba 71 ndi makilogalamu 3,550 pa ekala imodzi, pamene anzake a nthaka yomweyo ndi mvula yomweyo sanapitirire makilogalamu 1,000.

Koma chenjerani apa. Kuikayikira nambala si kuifufuta. Nthawi zina nambala yachilendo imakhala yoona: mwina mlimiyo analima maekala anayi osati imodzi, kapena anawerenga ndowa pamene anzake anawerenga matumba. Pitani mukafunse mwini wake, kapena yang'anani kapepala koyamba kaja. Mlembi amene amachotsa nambala iliyonse yosamukondweretsa amathera ndi avereji ya zofuna zake.

Pali chida china chimene alembi a mabuku a ndalama amachidziwa bwino. Chimagwira ntchito pamene muli ndi mayankho awiri osiyana, monga buku likuti 150 koma matumba owerengedwa ndi manja ndi 96. Chotserani: 54. Ngati kusiyanako kumagawika ndi 9 popanda chotsala, kayikirani kuti pali nambala imene manambala ake awiri anasinthana malo. Chifukwa chake nchapafupi. 7 akachoka pa malo a mmodzi-mmodzi kupita pa malo a makumi, amasanduka 70, wakwera ndi 63, ndiye 7 kuchulukitsa ndi 9. 1 akachoka pa makumi kupita pa mmodzi-mmodzi, watsika ndi 9. Zotsala ndi 54, ndiye 6 kuchulukitsa ndi 9, ndipo 6 ndiko kusiyana kwa 7 ndi 1. Choncho mukagawa 54 ndi 9 n'kupeza 6, funani nambala imene manambala ake awiri akusiyana ndi 6, monga 71, 82 kapena 93. Pa mndandanda wathu ilipo imodzi yokha. Muyesowu si umboni wotsiriza, popeza zolakwa zina nazonso zingapereke kusiyana kogawika ndi 9, koma umakusonyezani poyambira kufufuza.

Mukachipeza cholakwa, sikofunika kuyambanso kuwonkhetsa konse. Chotsani nambala yolakwika, ikani yolondola: 150 kuchotsa 71 ndi 79, kuphatikiza 17 ndi 96. Kenako gawaninso.

Cholakwa china, chimene ndimachiona chofala kuposa kusinthana kwa manambala, ndi cha ziro. Tinene kuti mlimi wa matumba 18 sanatonolebe chimanga chake tsiku lolemba, ndipo mlembi waika 0 pa dzina lake. Matumba olembedwa ndi 78. Akagawa ndi 6 apeza 13, ngati kuti munda wa mlimi uja sunabale kanthu. Choyenera ndi kusiya malowo osalemba ndi kugawa ndi 5, alimi amene nambala zawo zikudziwika, ndipo yankho ndi 15.6. Koma ngati munda wakewo unakokoloka ndi madzi, osakolola ndi chitsononkho chomwe, pamenepo 0 ndi woona, ndipo mlimiyo awerengedwe pogawa. Ziro akutanthauza kuti tinayeza ndipo sitinapeze kanthu. Malo osalemba akutanthauza kuti sitinayeze.

Ndikusiyireni ntchito iyi. Buku la kalabu ina ya alimi asanu likusonyeza matumba awa: 41, 36, 38, 45, 40. Onse pamodzi ndi 200, avereji 40. Koma wosunga katundu wawerenga matumba 173 okha. Pezani nambala imene inalembedwa molakwika, ndi avereji yeniyeni. Samalani, chifukwa pa mndandandawu pali nambala ziwiri zimene manambala ake akusiyana mofanana, ndipo imodzi yokha ndiyo ikatembenuzidwa imatsitsa 200 kufika pa 173.