Chimanga ndi nyemba m'kalasi: kuwerenga amene aphunzitsi amawaloza



Chiyambireni msonkhano uno manja anga akhala ali m'matumba. Bambo akayankhula ndimaponya njere ya chimanga m'thumba lakumanjali, mayi akayankhula ndimaponya nyemba m'thumba lakumanzereli. Ndakhuthulira pamphasapa kuti muone nokha. Chimanga chilipo 9, nyemba ziwiri, chonsecho amayi ndinu ochuluka pansi pa mtengo uno. Palibe amene wakuletsani kuyankhula. Zangochitika, ndipo tikadapanda kuwerenga tonse tikadapita kwathu tikunena kuti aliyense anapereka maganizo ake.

M'kalasi zimachitikanso chimodzimodzi. Bungwe la FAWE, limene linayamba mu 1992 ndipo kuno kwathu nthambi yake ndi FAWEMA, linatulutsa buku la aphunzitsi mu 2005 lonena za kaphunzitsidwe koganizira atsikana ndi anyamata mofanana. Nkhani zake n'zambiri, koma lero ndatengapo imodzi: kodi maso ndi chala cha mphunzitsi zimagwera pa ndani?

Tiyerekeze kalasi ya Sitandade 6 ya ana 80, atsikana 40 ndi anyamata 40, pa phunziro la masamu. Aphunzitsi afunsa mafunso 20. Munthu wokhala kumbuyo ndi njere zake apeza chimanga 14, nyemba 6. Musalekere pomwepo. Funsani kuti nyemba 6 zija zapita kwa atsikana angati. Mukapeza kuti ndi atatu okha, aja okhoza bwino amene aliyense amawadziwa maina, ndiye kuti atsikana 37 atuluka osatsegula pakamwa. Mawa ndi mkuja zikakhala zomwezo, mwana angathe kumaliza teremu yathunthu dzina lake lisanatchulidwe, kupatula poitana maina m'mawa. Mwana wotere akajomba masiku atatu palibe amene amazindikira, ndipo iye amadziwa kuti palibe amene wazindikira.

Aphunzitsi athu, musamve ngati ndabwera kudzakuzengani mlandu. Munthu mmodzi pamaso pa ana 80, nthawi ikuthamanga, amaloza dzanja limene lakwera msanga ndi pakamwa pamene pakufuula kuti "Ine! Ine!" Vuto ndi lakuti ife makolo tinaphunzitsa mtsikana kuti mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso ndipo sakweza mawu. Ulemu umene timamuyamikira nawo kunyumba ndi womwewo umene umamubisa m'kalasi.

Onjezani nkhani ya kukhala pansi. Kumene kulibe madesiki, mwana akalozedwa amadzuka pasimenti n'kuima. Mnyamata wa kabudula amangodzambatuka. Mtsikana wa zaka 13 ayambe wasonkhanitsa diresi, wagwira uku ndi uku, maso a anyamata ali pa iye. Ngati ali kumwezi, amaopa kuti mwina zaonekera kumbuyo. Ndinaonapo mtsikana pasukulu ina atalemba yankho lolondola m'kope, chala chili pa yankholo, koma dzanja osakweza. Pa nthawi yopuma anakhalabe pansi mpaka anzake onse atatuluka, kenaka anadzuka atamanga juzi m'chiuno. Kuchokera tsiku limenelo ndimapempha aphunzitsi kuti alole ana kuyankha ali chikhalire, ndipo madesiki akakhala ochepa, atsikana a makalasi akuluakulu asamanidwe.

Tsopano mankhwala amene sadya ndalama. Mayi wina wa ku Amereka, Mary Budd Rowe, anajambula mawu m'makalasi ambiri cha m'ma 1970. Anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana amene ankangokhala chete anayamba kuyankha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani funso, nenani kuti "manja pansi, aliyense aganize", werengani chamumtima mpaka 5, ndiye mutchule dzina. Ku Sitandade 5 kupita m'tsogolo, kumene maphunziro ambiri ali m'Chingerezi, mwana amafunika nthawi yoti apeze yankho komanso yoti alipezere mawu. Muthanso kuwauza kuti anong'onezane awiriawiri kaye. Mtsikana amene wayesera yankho lake pa mnzake amalimba mtima kulinena pagulu.

Wowerenga njere ayang'anenso zimene zimachitika mwana akalakwa. Mnyamata akaphonya, aphunzitsi nthawi zina amati, "Ayi iwe, yang'ananso, 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati?" Amakhala naye mpaka apeze 56. Mtsikana akaphonya amati, "Chabwino, khala pansi, wina amuthandize." Zimaoneka ngati chifundo, koma mnyamata uja wamva kuti aphunzitsi akukhulupirira kuti angathe, pamene mtsikana wamva kuti sankayembekezera kanthu kwa iye. Ndipo mawu aja akuti "ndi thupi limenelo bwanji osangokwatiwa", kaya atuluke mwanthabwala, kalasi ikaseka mwanayo sadzakwezanso dzanja. Malamulo a dziko lino, kuyambira kusintha kwa 2017, amati ukwati ndi wa munthu amene wakwana zaka 18. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Koma chilolezo cha boma sichingamusunge m'kalasi ngati tsiku lililonse akutchedwa "amake mwana".

Za ntchito ndingodutsa mwachidule. Ngati tsache ndi ndowa zili za atsikana okha, pamene belu, choko ndi utsogoleri wa gulu zili za anyamata, lembani ndandanda yosinthana muikhome pakhoma. Ndipo mtsikana asatumidwe kunyumba ya mphunzitsi, kaya kukatunga madzi kaya kukasiya makope.

Ndikuchenjezeni pamene njirayi imasokonekera. Mphunzitsi akadziwa kuti akuwerengedwa angathe kufananitsa njere, 10 uku 10 uku, koma atsikana n'kumawapatsa mafunso a "inde" ndi "ayi", anyamata n'kumawaitana kubolodi kukasova samu. Ndiye funso lofuna kufotokoza kapena kupita kubolodi muziliponyera njere m'mbale yakeyake. Kwina mphunzitsi amayamba kudzidzimutsa atsikana amanyazi ndi mafunso ovuta, n'kuwachititsa manyazi koposa kale. Yambani ndi funso limene mwaona kale m'kope mwake kuti walikhoza. Anyamata ofatsa okhala kumbuyo nawonso amaiwalika, njere zidzakuonetsani. Ndinenenso poyera kuti kudikira masekondi 5 sikumanga chimbudzi chokhala ndi chitseko, sikugula yunifolomu, sikuthetsa njala. Zimenezo zili ndi msonkhano wake.

Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba wasamukira kumbuyo, kenaka m'kope mumayamba kudumpha masiku, kenaka amajomba masiku angapo mwezi uliwonse. Amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu, zizindikiro zimenezi ndi zanu. Makolo, madzulo m'malo mofunsa kuti "wakhoza zingati", mufunseni kuti "lero aphunzitsi anakufunsa chiyani?" Akati sanamufunse sabata yathunthu, pitani mukacheze ndi aphunzitsi mwaulemu.

Ahedi avomera kuti tiyambe ndi Sitandade 5 ndi 6. Tikufuna anthu awiri, mmodzi wa komiti ndi mmodzi wa gulu la amayi, akakhale kumbuyo kwa kalasi phunziro limodzi, atapangana tsiku ndi mphunzitsi wake. Zimene apeze akauze mphunzitsiyo payekha, osati pabwalo, ndipo pakatha mwezi akawerengenso. Kulemba sikofunika, mbale ndi njere ndabweretsa. Agulupu, ndikupempha kuti amayi ayambe ndiwo kutchula maina.