Ngongole ukabweza mochedwa, mbiri imatsala

Mukapita kubanki kapena ku SACCO kukapempha ngongole, asanakuyankheni amayamba afufuza dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB ndi TransUnion. Mabungwewa amagwira ntchito motsatira lamulo la 2010, ndipo amawayang'anira ndi a Reserve Bank of Malawi. Mbiriyo imaonetsa komwe munakongola, ndalama zake, zomwe zatsala, komanso ngati munkabweza pa nthawi yake.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wakongola K300,000 yopikulira zinanazi zokagulitsa pa Chitakale, ndipo agwirizana kuti azibweza K60,000 pamwezi kwa miyezi 6. Miyezi itatu walipira bwino. Zinanazi zatha nyengo, wakhala miyezi iwiri osalipira, kenako wamaliza yonse. Iye akuti nkhani yatha. Koma chaka chamawa akakapempha K1,000,000 kubanki ina, iwo adzaona kuti anachedwapo masiku 60. Mwina sadzamukaniza, koma akhoza kumupatsa yochepa kapena kufuna chikole chokulirapo. Akadadziwa, akanapita kukakambirana nawo tsiku lolipira lisanakwane, m'malo mozimitsa foni.

Wina afunsa kuti, nanga ine amene ndimabweza bwino ku banki m'khonde? Pepani, zimenezo nthawi zambiri sizifika ku mabungwewa, ndiye kubanki mumaoneka ngati mlendo.

Musanakapemphe ngongole yaikulu, tengani chiphaso chanu chaunzika mukapemphe lipoti lanu. Mukapezamo ngongole yomwe munamaliza koma ikuonekabe, kadandauleni mutanyamula malisiti, akonze.